Kuwongola siginolo yaing'ono ndi opuampu ndi dayodi popanda kutaya voteji

Dayodi ya silikoni imalola kalenti kudutsa mbali imodzi yokha, ndipo n'chifukwa chake timaigwiritsa ntchito powongola magetsi a AC, amene amasinthasintha mbali, kuti tipeze a DC. Koma dayodi siyamba kudutsitsa kalenti yooneka mpaka voteji ya pakati pa miyendo yake iwiri itafika pafupifupi 0.6 V, ndipo voteji imeneyi imatsalira pa dayodiyo, sifika kumene tikuifuna. M'chaja kapena m'pawa sapulayi kutayika kotereku sikudetsa nkhawa kwambiri, pakuti pa siginolo imene nsonga yake ndi 10 V, zotayikazo ndi magawo 6 pa 100 alionse. Vuto limakula tikafuna kuyeza siginolo yaing'ono. Siginolo ya nsonga ya 1 V imatuluka ndi nsonga ya 0.4 V, ndipo popeza dayodi imatseguka pakati pokha pa theka la funde, avereji ya zotulukazo imakhala pafupifupi 0.08 V m'malo mwa 0.318 V, kutanthauza kuti tapeza gawo limodzi lokha mwa magawo anayi a zimene timayenera kupeza. Siginolo ya 100 mV ndiye siioneka n'komwe.

Wina akhoza kuganiza zongowonjezera 0.6 V pa zimene wayeza, koma nambala imeneyi siyokhazikika. Dayodi ya 1N4148 imataya pafupifupi 0.6 V pa kalenti ya 1 mA, koma pa 10 µA imataya pafupifupi 0.4 V, ndiponso voteji yake imatsika ndi pafupifupi 2 mV pa digiri iliyonse imene kutentha kwakwera. Chipangizo chimene chinasinthidwa bwino m'mawa kukuzizira chikhoza kusiyana ndi 40 mV masana ngati m'bokosi mwake mwatentha ndi madigiri 20. Madayodi a jemeniyamu ndi a Schottky amataya voteji yochepa, ya 0.2 V mpaka 0.3 V, koma akungochepetsa vutolo osalithetsa.

Kuti nkhaniyi isakhale ya m'malere, titenge ntchito imodzi. Tikufuna kuyeza kalenti imene makina ena akukoka pa magetsi a 230 V, 50 Hz, pogwiritsa ntchito thiransifoma ya kalenti yokhala ndi mapindi 2000. Makinawo akukoka 1.41 A ya RMS, umene ndi muyeso wachizolowezi wa kukula kwa AC, ndipo nsonga yake ndi 2 A, choncho thiransifoma ikutulutsa nsonga ya 1 mA, ndipo kalentiyi ikadutsa mu rezisita ya 100 Ω tikupeza funde la nsonga ya 100 mV. Tikaliwongola theka lokha popanda kutaya kanthu, avereji yake iyenera kukhala nsongayo kugawa ndi π, ndiye kuti 31.8 mV. Nambala imeneyi ndi imene tiyezere seketi iliyonse imene ikubwerayi.

Njira yoyamba imafuna dayodi imodzi ndi opuampu imodzi, imene ndi kachipangizo kokulitsa voteji. Pa opuampu za miyendo 8 monga 741 ndi TL071, mwendo 2 ndi khomo lotembenuza siginolo, mwendo 3 ndi khomo losatembenuza, mwendo 6 ndi potulukira, ndipo miyendo 7 ndi 4 imalandira magetsi oiyendetsa, tinene +15 V ndi −15 V. Siginolo imalowa pa mwendo 3. Anodi ya dayodi imalumikizidwa ku mwendo 6, ndipo kathodi, mbali imene ili ndi mzere wakuda, ndiyo imakhala potulukira pa seketi yonse, pamene timaika rezisita yopita ku gilaundi. Chinthu chofunika koposa ndi waya wobwerera ku mwendo 2: sachokera pa mwendo 6, koma pa kathodi, kuseri kwa dayodi.

Opuampu imakulitsa kusiyana kwa voteji ya pa miyendo 3 ndi 2 ka 100,000 kapena kuposerapo, ndipo ikakhala ndi waya wobwerera imasuntha mwendo 6 mpaka kusiyanako kutatsala pang'ono kutheratu. Siginolo ikakwera kufika pa +100 mV, mwendo 2 ukadali pa 0 V, choncho mwendo 6 umakwera, ndipo suima pa 100 mV, chifukwa pamenepo dayodi ikadali yotseka ndipo mwendo 2 sunasinthe. Umapitirira mpaka dayodi itatseguka ndi kathodi itafika pa 100 mV. Pa nthawiyo mwendo 6 uli pa 100 mV kuphatikizapo voteji ya dayodi, kaya ndi 0.4 V kaya ndi 0.6 V, ndipo kutentha kukasintha votejiyo opuampu imangosuntha mwendo 6 moyenerera. Zili ngati wogulitsa chimanga amene amayang'ana sikelo ya thumba la wogula osati dengu lake: zimene zatayika pothira amaziwonjezera yekha, ndipo wogula amalandira muyeso wokwanira. Dayodi ikutayabe voteji yake monga kale, koma imene ikulipira ndi opuampu, kuchokera ku magetsi oiyendetsa, osati siginolo.

Cholakwika chimene chimatsala chimapezeka pogawa voteji ya dayodi ndi kukulitsa kwa opuampu:

```
Verror = Vd / A = 0.6 V / 100000 = 6 µV
```

Pa siginolo yathu ya 100 mV, 6 µV si kanthu. Koma nambala imeneyi imakhala yoona pa DC ndi pa mafulikwensi otsika kwambiri, pakuti kukulitsa kwa opuampu kumachepa fulikwensi ikamakwera. Ya 741 imakulitsa ka 20,000 pa 50 Hz, ndipo pa 1 kHz imakulitsa ka 1,000 kokha, kotero kuti cholakwikacho chimafika cha m'ma 0.6 mV.

Vuto lenileni la seketi imeneyi lili pa theka la negetivi. Siginolo ikatsika pansi pa 0 V, mwendo 6 umatsika, dayodi imatseka, ndipo rezisita imasunga potulukira pa 0 V, monga mmene tikufunira. Koma dayodi ikatseka, njira yobwerera yaduka. Mwendo 3 uli pa negetivi, mwendo 2 uli pa 0 V, ndipo palibe chimene opuampu ingachite kuti iwafananitse, choncho mwendo 6 umatsika mpaka pomalizira, pafupifupi −13 V, n'kukhala pamenepo theka lonselo. Siginolo ikabwerera ku pozitivi, mwendo 6 uyenera kukwera kuchokera pa −13 V kufika pa +0.6 V dayodi isanatsegukenso, ndipo nthawi yonse ya ulendowu potulukira pamakhalabe pa 0 V ngakhale kuti siginolo yayamba kale kukwera.

Kutalika kwa nthawiyi kumadalira liwiro limene opuampu ingasinthire voteji ya potulukira pake. Ya 741, imene kampani ya Fairchild inatulutsa mu 1968, imasintha 0.5 V pa µs iliyonse, choncho 13.6 V imatenga pafupifupi 27 µs, osawerengera kanthawi kena kamene matiranzisita a m'kati amafuna kuti achoke pomalizira paja. Pa 50 Hz, theka la funde limatenga 10,000 µs, ndipo 27 µs siisokoneza muyeso wathu wa thiransifoma. Pa 1 kHz, theka la funde ndi 500 µs, ndipo tataya magawo 5 pa 100 a nthawiyo. Pa 10 kHz, theka la funde ndi 50 µs, ndiye kuti kuposa theka lake kwapita opuampu ikadali m'njira. Pa osilosikopu izi zimaoneka bwino: chiyambi cha funde lililonse chimakhala chodulidwa, mzere umagona pa 0 V kwa kanthawi kenaka n'kudumpha mwadzidzidzi kukakumana ndi siginolo, pamene mathero a fundelo ali bwinobwino. TL071, imene imasintha 13 V pa µs, imafupikitsa ulendowu kufika pafupifupi 1 µs, koma chimene chikuchititsa vutolo chikadalipo. Palinso msampha wina: opuampu zina, monga NE5532, zili ndi madayodi oteteza pakati pa makomo ake awiri, ndipo siginolo ya negetivi ikaposa 0.6 V imadutsa m'madayodiwo n'kutulukira ku mwendo 2, kotero kuti theka limene timafuna kulichotsa limaonekera potulukira.

Pa zifukwa zimenezi, ine ndimaona kuti seketi ya dayodi imodzi ndi yabwino pophunzirira, koma pa chipangizo choyezera ndi bwino kumanga ya madayodi awiri, imene mtengo wake umangowonjezeka ndi dayodi imodzi ndi rezisita imodzi. M'seketi imeneyi mwendo 3 umapita ku gilaundi, ndipo siginolo imalowa pa mwendo 2 kudzera mu rezisita R1 ya 10 kΩ. Dayodi D2 ili ndi anodi pa mwendo 6 ndi kathodi potulukira pa seketi, ndipo kuchokera potulukirapo rezisita R2, nayonso ya 10 kΩ, imabwerera ku mwendo 2. Dayodi D1 ili ndi anodi pa mwendo 2 ndi kathodi pa mwendo 6.

Siginolo ikakhala pa −100 mV, mwendo 6 umakwera, D2 imatseguka, ndipo opuampu imasunga mwendo 2 pa 0 V. Mu R1 mukudutsa 10 µA, ndipo popeza makomo a opuampu salandira kalenti, yonseyo iyenera kudzera mu R2, zimene zimaika potulukira pa +100 mV. Siginolo ikakhala pa +100 mV, mwendo 6 umatsika, D2 imatseka, koma tsopano D1 imatseguka n'kupatsa kalenti ya mu R1 njira yolowera ku mwendo 6. Njira yobwerera siinaduke, mwendo 2 ukadali pa 0 V, ndipo mwendo 6 umaima pa −0.6 V m'malo mopita ku −13 V. Mu R2 simukudutsa kalenti, choncho potulukira pali 0 V.

```
Vin < 0 :  Vout = -(R2/R1) * Vin
Vin > 0 :  Vout = 0
```

Seketiyi imatembenuza siginolo, pakuti theka la negetivi ndi limene limatuluka ngati pozitivi, ndipo wofuna zosiyana ndi zimenezi angotembenuza madayodi onse awiri. Imapatsanso mwayi wokulitsa siginolo posintha R2. Pa funde losalala la sayini, RMS imaposa avereji ya theka lowongoledwa ka 2.22, choncho R2 ya 22.1 kΩ imatulutsa avereji ya pafupifupi 70 mV, yofanana ndi RMS ya siginolo yathu, imene ndi 70.7 mV. Kufananaku kumatha ngati fundelo si losalala, monga momwe imakhalira kalenti ya machaja ndi makompyuta, imene imabwera m'timisonga tating'ono. Choyenera kukumbukiranso n'chakuti R1 imakoka kalenti ku gwero la siginolo: 10 kΩ yoikidwa pambali pa rezisita ya 100 Ω imatsitsa siginoloyo ndi gawo 1 pa 100, ndipo izi ziyenera kuwerengeredwa.

Ulendo wa mwendo 6 tsopano wafupika kuchoka pa 13.6 V kufika pa 1.2 V, kuyambira −0.6 V mpaka +0.6 V, ndipo n'kosavuta kuganiza kuti TL071 iumaliza m'gawo limodzi mwa magawo khumi a µs. Pa siginolo yaing'ono sizitero, ndipo apa ndi pamene ambiri amadabwa ndi zimene osilosikopu ikuonetsa. Opuampu imafika pa liwiro lake lalikulu pokhapokha makomo ake atasiyana kwambiri. Pamene siginolo ikudutsa pa 0 V, madayodi onse awiri amakhala otseka, ndipo chimene chikukankha opuampu ndi timamilivoti tochepa timene siginolo yangoyamba kukhala nato. Liwiro la mwendo 6 pamenepo limadalira kukula kwa kusiyanako ndi fulikwensi imene kukulitsa kwa opuampu kumatsikira pa 1, imene pepala la wopanga limailemba kuti GBW, ndipo ya TL071 ndi 3 MHz. Nthawi yowolokera ikhoza kuyerekezedwa motere, pamene Vp ndi nsonga ya siginolo ndipo f ndi fulikwensi yake:

```
t = sqrt( 2 * 1.2 V / (2π*GBW * Vp * 2π*f) )
```

Pa nsonga ya 100 mV ndi fulikwensi ya 1 kHz, nthawiyi ndi pafupifupi 14 µs mwa 500 µs. Mwamwayi, gawo lotayikalo lili kumayambiriro kwa funde kumene voteji ikadali yochepa, choncho avereji imangotsika ndi magawo 2 pa 1,000. Pa 10 kHz nthawiyi ndi 4.5 µs mwa 50 µs, ndipo avereji imatsika ndi magawo 2 pa 100. Koma siginolo ikachepa kufika pa 10 mV pa 10 kHz yomweyo, nthawiyi imabwerera ku 14 µs, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a avereji limatayika. Ziwerengerozi zakokomeza pang'ono, chifukwa pa kalenti zochepa chonchi madayodi amatseguka asanafike pa 0.6 V, koma zikuonetsa chinthu choona, chakuti siginolo ikamachepa, fulikwensi imene seketi ingagwire molondola imatsikanso. Chizindikiro chake n'chakuti muyeso umakhala wolondola pa siginolo zazikulu koma umayamba kuperewera siginolo ikamachepa, ndipo kupereweraku kumakula fulikwensi ikakwezedwa. Mankhwala ake ndi opuampu ya GBW yokwera, madayodi a Schottky amene amafupikitsa ulendowo, kapena kukulitsa siginolo isanafike pa chiwongolerocho. Madayodi a pawa monga 1N4007 sayenera kuikidwa pano, chifukwa amachedwa kutseka ndipo ali ndi kapasitansi yaikulu.

Pa 50 Hz liwiro silivuta, ndipo cholakwika chachikulu kwa ife chimachokera kwina. Makomo awiri a opuampu safanana ndendende, ndipo opuampu imakhazikika pamene asiyana ndi voteji yaing'ono yotchedwa ofuseti, imene pa TL071 wamba imakhala cha m'ma 3 mV. Ndiye kuti mwendo 2 sukhala pa 0 V yeniyeni koma pa 3 mV, kumtunda kapena kumunsi malinga ndi chipangizocho. Pa theka limene D2 yatseka, potulukira pamaoneka 3 mV imeneyi kudzera mu R2. Pa theka limene D2 yatseguka, ofuseti imakulitsidwa kawiri ngati R1 ndi R2 zili zofanana, n'kukhala 6 mV. Avereji yake ndi 4.5 mV, ndipo tikaiika pa 31.8 mV tikupeza 36.3 mV, cholakwika cha magawo 14 pa 100. Cholakwika chimenechi chimaposa 6 µV ija maulendo mazana ambiri, choncho wosankha opuampu ya ntchitoyi ayenera kuyamba wayang'ana ofuseti pa pepala la wopanga asanayang'ane kukulitsa.

Kuyeza ofuseti n'kosavuta: chotsani siginolo, lumikizani polowera pa R1 ku gilaundi, ndipo werengani potulukira ndi malitimita pa mV za DC. Mukapeza voteji ya pozitivi, D2 ndi imene yatseguka ndipo mukuona ofuseti yokulitsidwa kawiri. Mukapeza ya negetivi, D1 ndi imene yatseguka ndipo mukuona ofuseti yeniyeniyo. Opuampu ya OP07, imene ofuseti yake siifika 0.2 mV, imathetsa vutoli pa 50 Hz, ngakhale kuti ndi yochedwa ndipo siyenera mafulikwensi okwera. Apa pali kusankha kumene sikuthawika, pakuti opuampu zotsika mtengo zimene zili ndi ofuseti yochepa nthawi zambiri zimakhala zochedwa. Pa 741 pamawonjezekanso kalenti ya pafupifupi 80 nA imene makomo ake amakoka, imene mu 10 kΩ imabala 0.8 mV, pamene TL071 imakoka kalenti yochepa kwambiri moti siwerengeka.

Chatsala ndi kusandutsa mafunde owongoledwawo kukhala DC yosalala, ndipo apa pali cholakwika chimene chimabisala. Njira yachizolowezi ndi sefa ya rezisita ya 100 kΩ ndi kapasita ya 1 µF yopita ku gilaundi. Pamene D2 yatseguka, opuampu imagwira potulukira mwamphamvu, ndipo kapasita imaona rezisita ya 100 kΩ yokha. Pamene D2 yatseka, palibe chikugwira potulukira kupatula R2, choncho kapasita imakhuthula chaji yake kudzera mu 100 kΩ ndi 10 kΩ pamodzi, zimene ndi 110 kΩ. Popeza njira yokhuthulira ndi yolimba kuposa yodzazira, kapasita imakhazikika pa 33.3 mV m'malo mwa 31.8 mV, kuposa ndi pafupifupi magawo 5 pa 100. Pa osilosikopu, mzere wa theka lotsekedwa sugona pa 0 V koma umakwera ndi pafupifupi 3 mV, ndipo umabwerera pansi sefa ikachotsedwa, chimene chimasiyanitsa vutoli ndi la ofuseti. Kukulitsa rezisita ya sefa kufika pa 1 MΩ, n'kuchepetsa kapasita kufika pa 100 nF, kumatsitsa cholakwikacho kufika pa theka la gawo limodzi pa 100, koma pamenepo malitimita ya 10 MΩ imayamba kutsitsa muyeso. Njira yodalirika ndi kuika opuampu yachiwiri ngati bafa, yongotsata voteji popanda kuikulitsa, pakati pa chiwongolero ndi sefa, ndipo TL072 ili kale ndi opuampu ziwiri m'thupi limodzi, ngakhale kuti manambala a miyendo yake ndi osiyana ndi a TL071. Kapasita isaikidwe mwachindunji pa kathodi ya D2, chifukwa seketi imayamba kusunga nsonga m'malo mwa avereji, ndiponso opuampu ikhoza kuyamba kunjenjemera.

Seketi yomangidwa ikakana kugwira ntchito, malo oyamba kuika pulobu ya osilosikopu ndi mwendo 6, osati potulukira. Pa seketi yabwino, mwendo 6 umagona cha m'ma −0.5 V pa theka limodzi, kenaka umadumpha n'kutsata siginolo yotuluka uli pamwamba pake ndi pafupifupi 0.5 V. Ukamatsika mpaka −13 V, ndiye kuti D1 yaduka kapena siinalumikizidwe, ndipo pamenepo theka la pozitivi limadutsa mu R1 ndi R2 n'kuonekera potulukira. Ngati D1 yokha yatembenuzidwa, imagwira mwendo 6 pa theka limene D2 imayenera kugwira ntchito, kotero kuti potulukira sipakwera monga mwa fomula. Mzere wonenepa, wooneka ngati waubweya, umasonyeza kunjenjemera, ndipo kawirikawiri umatha tikaika makapasita a 100 nF kuchokera pa miyendo 7 ndi 4 kupita ku gilaundi, pafupi kwambiri ndi opuampu. Wofuna kuyendetsa seketiyi ndi batire limodzi akumbukire kuti D1 imafuna mwendo 6 utsike kufika pa −0.6 V, zimene sizitheka ngati mwendo 4 uli pa gilaundi. Ayenera kupanga voteji ya negetivi, kapena kuika mwendo 3 pa theka la voteji ya batire n'kuyeza siginolo yolowa ndi yotuluka kuchokera pa voteji yapakatiyo.